Kiriyatinini: nambala imene siwerengedwa yokha

Mlingo wa mankhwala umene umalembedwa pa botolo kapena m'buku la madokotala unapangidwira munthu amene impso zake zikugwira ntchito bwino. Akamati piritsi limodzi katatu pa tsiku, amakhala atawerengera kale kuti pofika nthawi ya piritsi lachiwiri, gawo lalikulu la loyamba lija likhala litachoka m'thupi. Mankhwala ena chiwindi ndicho chimawaphwanya, ena impso zimawasefa n'kuwataya mu mkodzo, ndipo ambiri amadutsa konse kuwiri. Impso iliyonse ili ndi tisefa tating'onoting'ono pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo zonse ziwiri zimasefa malita pafupifupi 180 a madzi a m'magazi pa tsiku. Ochuluka a madziwo amabwezedwa m'magazi, otsala pafupifupi lita imodzi ndi theka ndiwo mkodzo. Tisefato tikawonongeka ndi matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi, malungo aakulu kapena kutha madzi m'thupi, mankhwala amene amadalira impso amayamba kuchedwa kuchoka. Piritsi lachiwiri limapeza loyamba likadalipo, lachitatu limapeza onse awiri, ndipo mlingo umene unali wochiza umasanduka wovulaza popanda aliyense kuonjezerapo kanthu.

Wolemba mankhwala sangaone impso ndi maso, choncho amadalira magazi. Chimene amayeza ndi kiriyatinini, nyansi imene minofu imatulutsa tsiku ndi tsiku pa liwiro losasinthasintha, ndipo impso ndizo zimaichotsa. Impso zikafooka, kiriyatinini amachuluka m'magazi. Zimenezi n'zosavuta kumva, ndipo vuto limayambira pomwepo, chifukwa anthu ambiri, ngakhale ena a m'chipatala, amangoyang'ana ngati nambala ya pa pepala la ku labotale ili mkati mwa malire amene alembedwa pambali pake. Ikakhala mkati, amati impso zili bwino. Mfundo ya mutu uno ndi yakuti nambala imeneyi payokha siuza munthu mlingo wa mankhwala. Imayamba kutanthauza kanthu ikaikidwa pamodzi ndi zaka za wodwala, kulemera kwake, ngati ndi mwamuna kapena mkazi, komanso ngati ikukwera kapena ikutsika. Nambala yoopsa kwambiri si ya 600 imene aliyense amaiona n'kudzidzimuka, koma ya 110 imene imadutsa m'manja mwa anthu atatu wina osaifunsa kanthu.

Chifukwa chake chagona pa minofu. Utsi wa m'khitchini umadalira zinthu ziwiri, kukula kwa moto ndi kukula kwa zenera. Moto waukulu pa zenera lotsekula ndi kamoto kakang'ono pa zenera lotsekeka zingapatse utsi wofanana, ndipo wongoyeza utsi sangadziwe kuti zenera lili bwanji asanaone moto. Kiriyatinini ali chimodzimodzi: mwamuna wamphamvu wa minofu yambiri amapanga wochuluka, pamene gogo woonda, munthu amene wadwala chifuwa chachikulu kwa miyezi, kapena woduka mwendo amapanga wochepa. Choncho impso za munthu woonda zikhoza kufooka kwambiri nambala isanatuluke m'malire. Palinso china. Kiriyatinini ndi kusefa kwa impso zimayenda mosemphana, kotero kuti nambala ikawirikiza kawiri, kusefa kwatsika ndi theka. Mayi amene chaka chatha anali ndi 55 ndipo lero ali ndi 110 wataya pafupifupi theka la ntchito ya impso zake, ngakhale nambala zonse ziwiri zingaoneke zosadetsa nkhawa pa pepala limene lili ndi malire amodzi a anthu onse.

Njira yothetsera vutoli inasindikizidwa mu 1976 ndi madokotala awiri a ku Montreal ku Canada, Donald Cockcroft ndi Henry Gault, ndipo mpaka lero malangizo a mlingo wa mankhwala ambiri analembedwa motsamira samu yawo. Samuyo imayerekeza mamililita a madzi a m'magazi amene impso zimayeretsa pa mphindi imodzi:

```
CrCl (mL/min) = (140 − zaka) × kulemera (kg) × k ÷ kiriyatinini (µmol/L)
k = 1.23 (mwamuna), 1.04 (mkazi)
```

Zaka ndi kulemera zikuimira minofu, popeza minofu imachepa munthu akamakula, ndipo akazi amakhala ndi yocheperapo pa kilogalamu iliyonse. Tiyerekeze anthu awiri amene onse ali ndi kiriyatinini wa 110. Woyamba ndi mwamuna wa zaka 30, wolemera makilogalamu 75. Tikachotsa 30 pa 140 titsala ndi 110, tichulukitse ndi 75 kenaka ndi 1.23, tigawe ndi 110, yankho ndi 92. Wachiwiri ndi mayi wa zaka 72, wolemera makilogalamu 45. Tikachotsa 72 pa 140 titsala ndi 68, tichulukitse ndi 45 kenaka ndi 1.04, tigawe ndi 110, yankho ndi 29. Pepala la ku labotale ndi lofanana, koma impso za mayiyu zikugwira ntchito yosakwana gawo limodzi mwa magawo atatu a ntchito ya impso za mnyamatayo. Wowerengera ayeneranso kuona muyeso umene labotale yagwiritsa ntchito, chifukwa ena amalemba mu `mg/dL`, ndipo nambala yotero ichulukitsidwe ndi 88.4 isanalowe mu samuyi. Kiriyatinini wa 1.2 ndi wa 106 ndi yemweyo.

Titsatane naye mayiyu. Tiyerekeze kuti ali ndi matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Amamwa metifomini wa mamiligalamu 1000 kawiri pa tsiku, enalapulilu, ndi piritsi lokodzetsa lotsitsa magazi. Mawondo amamuwawa, ndiye amagula bulufeni pa golosale, zimene sizinalembedwe m'kabuku kake ka kuchipatala. Wabwera atatentha thupi masiku awiri, akusanza, akumva kuwotcha pokodza ndi ululu m'mbali mwa msana. Matenda a mkodzo afika ku impso, ndipo m'wodi muli jentamaisini. Mankhwala asanu onsewa amakhudzana ndi impso, koma osati m'njira imodzi, ndipo wolemba mankhwala akapanda kusiyanitsa njirazi amatha kusiya osafunika kusiya n'kupitiriza oyenera kusiya.

Metifomini savulaza impso, ngakhale odwala ambiri amamva choncho akauzidwa kuti asiye. Vuto lake n'lakuti amatuluka m'thupi ali momwemo kudzera mu mkodzo, ndiye impso zikafooka amaunjikana. Akachuluka mwa munthu amene watha madzi kapena ali ndi tizilombo m'magazi, asidi wa lakitiki amakwera, wodwala amapuma mwakuya ndi mofulumira, amamva m'mimba kupweteka, amasokonezeka mutu, ndipo akhoza kufa. Sizichitika kawirikawiri, koma zikachitika n'zovuta kubweza. N'chifukwa chake malangizo amati kusefa kukatsika pansi pa 45 mlingo usapitirire mamiligalamu 1000 pa tsiku, ndipo kukatsika pansi pa 30 mankhwalawa asiyidwe. Mayi wathu akumwa 2000 pa tsiku ali pa 29, ndipo akusanza. Metifomini aime lero. Msampha uli pa chimene chilowe m'malo mwake, chifukwa dzanja limathamangira gilibenikilamaidi amene amapezeka mosavuta, pamene zotsalira zake zimene zimatsitsabe shuga zimatulukanso ndi mkodzo. Mwa munthu wokalamba wofooka impso, amene sakudya, mankhwalawa amagwetsa shuga kwa maola ambiri, ngakhale masiku, ndipo wodwala amatsitsimuka akapatsidwa gulukosi n'kukomokanso usiku. Insulini ndiye woyenera ali m'wodi, koma naye amachedwa kutha impso zikafooka, choncho ayambe ndi wochepa ndipo shuga aziyezedwa pafupipafupi.

Bulufeni, dikilofenaki ndi indosidi nkhani yawo ndi ina, chifukwa iwo amafinya impso zenizenizo. Kasefa kalikonse kali ndi kamtsempha kolowetsa magazi ndi kena kotulutsa. Thupi likatha madzi, impso imatulutsa zinthu zotchedwa mapulositagilandini zimene zimatsekula kamtsempha kolowetsa kuti magazi azifikabe, ndipo mankhwala a ululuwa amagwira ntchito poletsa zinthu zomwezo. Enalapulilu amamasula kamtsempha kotulutsa, ndiye mphamvu yokankha madzi pa kasefa imachepa. Piritsi lokodzetsa limachepetsa madzi a m'thupi. Aliyense payekha thupi limamupirira, ndipo enalapulilu ndi mankhwala amene amateteza impso za odwala shuga kwa zaka zambiri. Koma atatuwa akakumana mwa munthu amene akusanza kapena kutsekula m'mimba, kusefa kumagwa m'masiku ochepa. Apa kuchepetsa mlingo sikuthandiza. Bulufeni asiyidwe, enalapulilu ndi piritsi lokodzetsa ziime kaye mpaka wodwala atayamba kumwa ndi kukodza bwino, ndipo potaziyamu ayezedwe, popeza enalapulilu amamusunga m'magazi ndipo akachuluka amasokoneza kugunda kwa mtima. Za bulufeni palibe angadziwe popanda kufunsa, ndipo funso loti "Kodi mukumwa mankhwala anji?" silikwanira, chifukwa ambiri sawerengera za pa golosale. Funso lothandiza n'lakuti, "Agogo, mawondo akamawawa mumamwa chiyani?"

Jentamaisini ali ndi mavuto onse awiri: amatuluka ndi mkodzo yekha, ndipo akakhalitsa amawononga impso zomwezo pamodzi ndi mkati mwa khutu. Mwa munthu wa impso zabwino, theka la mankhwalawa limachoka m'magazi m'maola awiri kapena atatu, kotero kuti pofika mawa nthawi yomweyo palibe chatsala chowerengeka, ndipo impso zapeza mpata wopuma. Kusefa kukakhala pa 29, theka limatenga maola 8 kapena kupitirira, ndipo impso zikalephereratu limatenga kuposa tsiku. Jakisoni wa mawa amapeza wa lero asanathe, impso zimafookeranso, wa mkuja amachedwa koposa. Kuwonongeka kwa impso nthawi zambiri kumaoneka patapita masiku 5 mpaka 7 wodwala akukodza bwinobwino, n'chifukwa chake mkodzo wokha sungachenjeze. Impso zimatha kuchira, koma khutu likagontha kapena munthu akayamba kudzandira ndi chizungulire, kawirikawiri zimakhala mpaka kalekale. Njira yosinthira mlingo wa mankhwala amenewa si kuchepetsa jakisoni koma kutalikitsa nthawi, chifukwa amapha tizilombo akafika mochuluka nthawi imodzi. Pa mamiligalamu 5 pa kilogalamu, mayiyu alandira 225, osati 240 amene amachokera pongothyola timabotolo titatu ta 80. Wotsatira sabwera pakatha maola 24 ayi. Kusefa kukakhala pakati pa 40 ndi 59 amadikira maola 36, pakati pa 20 ndi 39 maola 48, ndipo pansi pa 20 saperekanso popanda kuyeza mankhwalawo m'magazi. Ngati m'famase muli sefitiriyakisoni, amene pafupifupi theka lake limatulukira mu ndulu ndipo safuna kusintha mlingo, ndiye woyenera mayiyu kuposa jentamaisini.

Wina angatsutse kuti samu ya 1976 inachokera kwa amuna a m'chipatala chimodzi cha ku Canada, ndipo masiku ano malabotale ambiri amasindikiza okha nambala yotchedwa `eGFR`, yochokera mu samu zatsopano monga CKD-EPI ya 2009 imene inakonzedwanso mu 2021. Bwanji osangowerenga imeneyo? Kutsutsaku kuli ndi maziko, ndipo kwa munthu wa thupi lapakatikati nambala ziwirizi sizitalikirana. Koma `eGFR` safunsa kulemera. Amapereka yankho ngati kuti wodwala aliyense ali ndi thupi la kukula kumodzi, khungu lokwana masikweya mita 1.73, zimene zimathandiza poika matenda a impso m'magulu koma sizithandiza kwenikweni podziwa liwiro limene thupi ili lichotsere mankhwala awa. Kwa mayi wathu, samu ya 2021 ipereka 46. Ngati ndi wamtali masentimita 150, khungu lake ndi masikweya mita pafupifupi 1.37, ndipo tikabweza nambalayo pa thupi lake lenileni itsika kufika pa 36. Ndiye tili ndi 46, 36 ndi 29 pa magazi amodzimodzi. Zoona zake n'zakuti malire a metifomini analembedwa motsata `eGFR`, ndipo wongowerenga 46 anganene kuti mayiyu wangodutsa mzere wa 45. Koma nambala zitatuzi zikusiyana chifukwa wodwalayo ndi wokalamba ndi wochepa thupi, ndipo wotereyu ndi amene mankhwala amamuvulaza msanga. Pa mankhwala amene kuchuluka kwake kumapha kapena kugonthetsa, nzeru ndi kutsamira nambala yotsika. Samu ya Cockcroft ndi Gault nayo ili ndi pogwera pake: munthu wonenepa kwambiri kapena wotupa ndi madzi imamuonetsa ngati impso zake n'zamphamvu, chifukwa mafuta ndi madzi sizipanga kiriyatinini, ndipo kwa wotereyu amagwiritsa ntchito kulemera koyenera kutalika kwake m'malo mwa kwa pa sikelo.

Kwa ife kuno nkhaniyi ili ndi mbali ina. Samu zakale za `eGFR` zinali ndi nambala yoonjezera kwa anthu akuda, yochokera pa anthu akuda a ku America, imene inkakweza yankho. Kafukufuku wotchedwa ARK, amene anachitika m'Malawi, ku Uganda ndi ku South Africa n'kusindikizidwa mu 2022, anayeza kusefa kwenikweni kwa impso pobaya anthu mankhwala oyezera n'kuona mmene akuchokera m'magazi, ndipo anapeza kuti samu zodalira kiriyatinini zimaonetsa impso za anthu a kuno ngati zili bwino kuposa mmene zilili. Nambala yoonjezera ija imangokulitsa cholakwikacho, choncho siyenera kugwiritsidwa ntchito. Tanthauzo lake kwa wolemba mankhwala n'lakuti cholakwika cha samuzi chimapendekera mbali yoopsa, ndipo yankho limene langodutsa malire pang'ono lisamupatse mtendere.

Palinso kutsutsa kolimba kuposa kwa `eGFR` kuja. Samu zonsezi zimaganiza kuti kiriyatinini wakhazikika, pamene mwa wodwala mwadzidzidzi sakhazikika. Impso zitaima lero m'mawa, nambala ya madzulo ikhoza kuoneka bwino ndithu, chifukwa kiriyatinini amafuna tsiku kapena awiri kuti aunjikane moonekera. Izi n'zoona, ndipo zikutanthauza kuti kuyeza kamodzi sikukwanira. Chizindikiro chovomerezeka cha kuvulala kwa impso mwadzidzidzi ndi kukwera kwa 26.5 kapena kuposa m'maola 48, kapena kukwera ndi theka la nambala yoyamba mkati mwa sabata, kapena mkodzo wosakwana theka la mililita pa kilogalamu pa ola kwa maola 6. Kwa mayi wa makilogalamu 45, amenewo ndi mamililita 135 m'maola 6, osadzaza n'komwe kapu. Tiyerekeze kuti pa tsiku lachiwiri kiriyatinini wake wafika 160. Samu ipereka 20, koma popeza nambala ikukwerabe, kusefa kwenikweni kuli pansi pa 20, ndipo jakisoni wachiwiri wa jentamaisini asaperekedwe ngakhale maola 48 atakwana. Wodwala amene sakukodza konse atengedwe ngati kusefa kwake kuli pansi pa 10, kaya pepala likuti chiyani. Mosemphana, nambala ikamatsika, impso zili patsogolo pa pepala, ndipo mlingo umene unachepetsedwa uyenera kukwezedwa msanga.

Mfundo yomalizayi ikutifikitsa kwa amene amaopa kuti kuwerengera kotereku kumachititsa madokotala mantha, n'kumapereka mankhwala ochepa kwa munthu amene tizilombo tikumupha. Manthawa ndi enieni. Mlingo woyamba wa mankhwala opha tizilombo sudalira impso, umadalira kukula kwa thupi limene mankhwalawo ayenera kufalikiramo, choncho uperekedwe wathunthu ndiponso mwachangu, osadikira labotale. Impso zimangolamula zotsatira zake. Mankhwala a banja la penisilini ali ndi mpata waukulu pakati pa mlingo wochiza ndi wovulaza, ndipo impso zambiri zofooka ndi kutha madzi zimadzuka m'masiku awiri wodwala akaikidwa diripi, ndiye kuwachepetsa tsiku loyamba kumaika moyo pachiswe popanda phindu. Mankhwala ambiri a tsiku ndi tsiku safunanso kusintha kulikonse: LA ndi atesuneti a malungo, rifampisini ndi aizoniyazidi a chifuwa chachikulu, ndi panado. Kuwerengera kumathandiza kudziwa ochepa amene ayenera kusamalidwa, n'kupereka enawo popanda kukayika. Mofini ali m'gulu la oyenera kusamalidwa m'njira yobisika, chifukwa chiwindi chimamusintha kukhala zinthu zina zimene zimagonetsa ngati iye mwini, ndipo zimenezo zimadikira impso. Wodwala amaoneka bwino tsiku loyamba, lachitatu n'kumangogona, akupuma pang'onopang'ono, timaso titachepa ngati nsonga ya singano. Samanidwa mofini chifukwa cha zimenezi ayi, amapatsidwa wochepa ndiponso motalikitsa.

Kiriyatinini amathanso kukwera impso zili bwinobwino, ndipo izi zikukhudza anthu ambiri amene amamwa ma ARV. Gawo laling'ono la kiriyatinini silidutsa pa kasefa, limakankhidwira mu mkodzo ndi timapaipi ta impso. Dolutegilaviya, amene ali mu piritsi la TLD limene Malawi anayamba kupereka mu 2019, amatseka njira imeneyi, ndipo tiraimetopirimu wa mu bakitirimu amachita chimodzimodzi. Nambala imakwera pang'ono m'masabata oyamba, n'kukhala pomwepo, kusefa kusanasinthe. Koma m'piritsi lomwelo muli tenofoviya, amene amatuluka ndi impso ndipo amatha kuwononga timapaipi tomweto, n'chifukwa chake saperekedwa pa mlingo wa tsiku ndi tsiku kusefa kukatsika pansi pa 50. Piritsi lophatikiza silingagawidwe kuti mankhwala amodzi achepe ena akhale, choncho wodwalayo amasamutsidwira ku abakaviya. Kusiyanitsa ziwirizi kumafuna nthawi ndi mkodzo. Kukwera kwa dolutegilaviya n'kochepa ndipo kumaima, pamene kwa tenofoviya kumapitirira mwezi ndi mwezi, ndipo kapepala koviika mu mkodzo kamaonetsa mapuloteni kapena shuga mwa munthu amene shuga wa m'magazi mwake ali bwino. Enalapulilu naye amakweza kiriyatinini akangoyambidwa, ndipo kukwera kosapitirira magawo 30 pa 100 kumene kwaima si chifukwa chomusiyira.

Tsono pali funso limene ogwira ntchito m'zipatala zazing'ono za kumudzi angafunse moyenera: nanga kumene kulibe makina oyezera, kapena mankhwala a makinawo atha? Ngakhale bungwe la zaumoyo padziko lonse silinaike kuyeza kiriyatinini kukhala lamulo munthu asanayambe tenofoviya, pozindikira kuti kudikira kuyeza kungaphe anthu ambiri kuposa amene kungawateteze. Koma samu ija imaphunzitsa kanthu ngakhale popanda magazi. Tikaika kiriyatinini wabwinobwino wa 70 mwa mayi wa zaka 72 ndi makilogalamu 45, yankho ndi 45 basi. Zaka ndi sikelo zokha zanena kale kuti munthuyu salandira mlingo wa mnyamata. Tikaonjezapo shuga wa zaka zambiri, kuthamanga kwa magazi, kutupa kwa mapazi ndi nkhope, mapuloteni mu mkodzo kapena kutsekula m'mimba kwa masiku atatu, tadziwa amene ayenera kupewetsedwa dikilofenaki ndi jentamaisini wa masiku ambiri, ndi amene magazi ake ayenera kutumizidwa ku chipatala cha boma la dera ngakhale mayendedwe avute. Azamba amachita zotere kalekale ndi maginiziyamu salufeti, mankhwala oletsa kukomoka kwa mayi woyembekezera amene magazi akwera. Amatuluka ndi mkodzo, choncho asanabaye wotsatira amaona mkodzo, kapumidwe, ndi kudumpha kwa mwendo akagogoda pa bondo. Makina otsuka magazi m'zipatala za boma ndi ochepa, ndipo odziwika ndi a ku Kamuzu Central ndi ku Queen Elizabeth, kotero kuti impso zovulazidwa ndi mankhwala kumudzi zilibe pothawira pafupi.

Tiyerekeze kuti pa tsiku lachisanu mayi uja wasiya kusanza, akudya, akukodza bwino, ndipo kiriyatinini watsika kufika 95 n'kukhazikika. Samu ipereka 33. Metifomini akhoza kubwerera, koma pa mamiligalamu 500 kawiri pa tsiku, ndipo mayiyo ndi womusamalira auzidwe kuti tsiku limene adzayambe kusanza kapena kutsekula m'mimba aime kaye kumwa n'kubwera ku chipatala. Enalapulilu abwererenso, chifukwa kumuiwala ndi kulanda impsozo chitetezo chawo, koma ayambe ndi wochepa ndipo kiriyatinini ndi potaziyamu ziyezedwe pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Bulufeni sabwerera. Mawondo alandira panado, ndipo popeza mayiyu sakwana makilogalamu 50, piritsi limodzi la mamiligalamu 500 pa maola 6 alionse ndilo loyenera, osati awiri. M'kabuku kake mulembedwe kiriyatinini, tsiku, kulemera ndi yankho la samu, kuti amene adzamuone ulendo wina adzakhale ndi poyerekezera. Ngati pakatha miyezi itatu kusefa kukadali pansi pa 60, amenewo ndi matenda a impso okhalitsa, ndipo mankhwala alionse atsopano amene adzalembedwe adzayamba ndi kumukweza pa sikelo.